Wopenta wafika koma khoma silinaume: kukonza ofesi m'miyezi itatu ndi tchati cha Gantt

Tsiku lina ndinakapeza anyamata atatu openta atakhala pa zigoba za penti kuseri kwa ofesi ina imene inkakonzedwa. Anali atafika m'mamawa, maburashi ali m'manja, monga anawauzira. Koma m'katimo pulasitala anali atamalizidwa dzulo lake, khoma lili bii, ukaligwira n'kumamva kuzizira m'chikhatho. Mwini ofesi anafunsa kapitawo kuti anthuwo akhaliranji pansi. Kapitawoyo anayankha mwaulemu kuti, "Bwana, tikapenta lero, pakutha pa mwezi pentiyu adzayamba kusupuka. Tiyenera kudikira masabata awiri." Bwanayo anagwira m'mutu, chifukwa masabata awiriwo sanali pa pepala lililonse. Aliyense pamalopo ankaidziwa bwino ntchito yake. Chimene chinasowa ndi munthu woti akhale pansi n'kulemba kuti ntchito iti ikudikira iti.

Tchati cha Gantt chimagwira ntchito imeneyo. Dzinali ndi la Henry Gantt, injiniya wa ku America amene anabadwa mu 1861 n'kumwalira mu 1919, ndipo anatchukitsa matchati otere m'zaka za m'ma 1910. Iye sanali woyamba, pakuti Karol Adamiecki wa ku Poland anali atapanga kale chofanana nacho mu 1896, kungoti chake sichinamveke msanga kunja kwa dera lakwawo. Kapangidwe kake n'kosavuta. Kumanzere kwa pepala mumalemba ntchito zonse motsitsa, ina pansi pa inzake. Pamwamba mumalemba masiku kapena masabata mopingasa. Ntchito iliyonse imakhala ndi mzera wake wonenepa, woyambira pa tsiku limene ikuyamba mpaka pa tsiku limene ikutha. Kenako mumajambula mivi yochokera kumapeto kwa ntchito ina kukafika kumayambiriro kwa imene ikuidikira. Anthu ambiri amakongoletsa mizera n'kuiwala mivi. Kwa ine, tchati chopanda mivi ndi kalendala chabe, chifukwa sichingakuuzeni chimene chichitike mawa ngati ntchito ya lero yachedwa.

Tiyerekeze ofesi ya zipinda zingapo mumzinda wa Lilongwe kapena Blantyre. Eni ake akufuna kugwetsa makoma ena a m'kati, kumanga atsopano, kusintha mawaya a magetsi ndi a intaneti, kuika siling'i ndi matailosi atsopano, kenako kupenta. Antchito asamukira kaye ku nyumba ya lendi, ndipo lendiyo yalipiridwa mpaka kumapeto kwa Okutobala. Ntchito iyamba Lolemba pa 3 Ogasiti 2026 ndipo iyenera kukhala itatha pofika Lachisanu pa 30 Okutobala.

Tikamati miyezi itatu, mumtima timamva ngati tili ndi masiku 90. Koma tiyeni tiwerenge. Masabata alipo 13, ndipo ngati amisiri akugwira Lolemba mpaka Lachisanu, masiku ogwira ntchito ndi 65. Pa 15 Okutobala ndi tchuthi cha Tsiku la Anakubala, ndiye atsala 64. Nambala imeneyi ndi imene muyenera kulemba pamwamba pa tchati musanajambule chilichonse.

Mukatero, itanani kapitawo, wamagetsi, pulambala, woika matailosi ndi wopenta, mukhale nawo pansi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo masiku amene ntchito imatenga amawadziwa ndi amene amaigwira. Aliyense mumufunse mafunso awiri okha. Loyamba: ntchito yanu itenga masiku angati, muli ndi anthu angati? Lachiwiri, limene ndi lofunika kwambiri: n'chiyani chiyenera kukhala chitatha kuti inu muyambe? Mayankho a funso lachiwirili ndi amene amasanduka mivi.

Mu chitsanzo chathuchi, gawo loyamba limayenda mondondozana ngati anthu odutsa pa mlatho wa mtengo umodzi. Kusamutsa mipando ndi mafayilo kutenga masiku 3. Kugwetsa makoma akale, kuchotsa siling'i yakale ndi kutaya zigumu kutenga masiku 6, ndipo tafika tsiku la 9. Kumanga makoma atsopano ndi masiku 8, mpaka tsiku la 17. Apa wamagetsi ndi pulambala amalowa kudzasema makoma n'kukwiriramo mapaipi odutsamo mawaya ndi a madzi, masiku 7, mpaka tsiku la 24. Pulasitala amabwera pambuyo pawo, masiku 6, n'kutha pa tsiku la 30. Dongosolo limeneli silingatembenuzidwe. Mukalola womanga kupaka pulasitala wamagetsi asanamalize, wamagetsiyo adzabwera ndi tchizulo kudzaswa khoma losalala lija, ndipo mulipira simenti, mchenga ndi mmisiri kawiri. Chigamba chakenso chimaonekerabe ngakhale mutapenta.

Pa tsiku la 31 njira imagawikana pawiri, ndipo apa m'pamene tchati chimayamba kukuuzani zimene mutu pawokha sungasunge. Mbali imodzi kuli kudikira kuti pulasitala aume, masabata awiri, kuyambira tsiku la 31 mpaka la 40. Palibe amene akugwira ntchito pa mzera umenewu, palibe amene akulipidwa, n'chifukwa chake umaiwalika. Koma uyenera kujambulidwa ngati ntchito ina iliyonse, popeza penti akuudikira. Mbali inayo, kalipentala akukhoma siling'i masiku 6, kuyambira tsiku la 31 mpaka la 36, ndipo akatsitsa makwerero ake woika matailosi amalowa masiku 7, kuyambira la 37 mpaka la 43. Matailosi tawaika pambuyo pa siling'i dala, kuti hamala ikagwa kuchokera pamwamba isaswe tailosi latsopano.

Wopenta akudikira zinthu ziwiri: khoma louma ndi matailosi oikidwa. Khoma likhala litauma pa tsiku la 40, matailosi atha pa tsiku la 43. Iye ayamba pa tsiku la 44, chifukwa ntchito yodikira zinthu ziwiri imayendera chimene chatha mochedwa. Kupenta kutenga masiku 6, mpaka la 49. Wamagetsi abweranso masiku 5 kudzaika masoketi, maswichi ndi mababu, mpaka la 54, pamene kalipentala akupachika zitseko masiku 4 m'nthawi yomweyo. Kuyesa magetsi ndi intaneti, kukonza timalo tolakwika ndi kuyeretsa zitenga masiku 4, mpaka la 58. Kubwezeretsa mipando ndi antchito ndi masiku 2. Tathera pa tsiku la 60, limene ndi Lolemba pa 26 Okutobala, ndipo tatsala ndi masiku 4 apadera.

Tsopano tengani cholembera chofiira. Tsatirani mivi kuchokera pa tsiku loyamba mpaka lomaliza, kudzera njira yaitali kuposa zonse: kusamutsa, kugwetsa, kumanga, mapaipi, pulasitala, siling'i, matailosi, penti, masoketi, kuyesa, kubwerera. Mukaphatikiza masiku ake mupeza 60 ndendende. Umenewu ndiwo msana wa ntchito yonse. Ntchito iliyonse imene ili pa msanawu ikachedwa tsiku limodzi, tsiku lolowa mu ofesi nalonso lasuntha tsiku limodzi. Ntchito zimene sizili pamenepo zili ndi mpata. Kuuma kwa khoma kuli ndi mpata wa masiku 3, chifukwa kukutha pa 40 pamene wopenta ayamba pa 44. Zitseko zili ndi mpata wa tsiku limodzi. Nzeru yowerengera njira yaitaliyi sinachokere kwa Gantt mwini wake. Inabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, kuchokera kwa James Kelley ndi Morgan Walker, amene ankathandiza kampani ya DuPont kukonza ndondomeko ya ntchito za m'mafakitale ake. Masiku ano ziwirizi zimayendera limodzi pa tchati chimodzi.

Phindu lake likuonekera pa zinthu zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku. Woika zitseko akaimba foni kuti kwagwa maliro ndipo abwera mawa, mukhoza kumupepesa ndi mtima wonse, podziwa kuti mpata ulipo. Wokhoma siling'i akaimba ndi uthenga womwewo, mumupepesabe, koma madzulo omwewo mufunse kapitawo ngati pali mmisiri wina woti agwirizire, chifukwa siling'i ili pa mzera wofiira.

Pali mzera wina umene sitinaujambule, ndipo ndi umene umagwetsa ntchito zambiri zotere. Matailosi aja achokera kuti? Ngati ali m'sitolo ya m'tauni momwemo, ochuluka mokwanira ndiponso a mtundu umodzi, palibe vuto. Koma tinene kuti eni ofesi asankha mtundu woitanitsa kunja, ndipo wogulitsa wanena kuti ufika pakatha masabata 6, amene ndi masiku 30 ogwira ntchito. Apa muwerenge chobwerera m'mbuyo. Matailosi akufunika m'mawa wa tsiku la 37. Kuti afike pofika madzulo a tsiku la 36, oda iyenera kuperekedwa pasanapitirire tsiku la 7, Lachiwiri pa 11 Ogasiti. Tsiku limenelo amisiri akhala akadagwetsa makoma akale, fumbi lili koboo, ndipo palibe amene akuganiza za pansi. Komanso oda siperekedwa bwana asanasankhe mtundu ndiponso a ku ofesi ya zachuma asanalipire ndalama yoyamba. Choncho kusankha kwa bwana ndi kulipira kwa a zachuma ndi ntchito, ziyenera kukhala ndi mizera yake, mayina a eni ake ndi masiku ake, pa tchati chomwecho chimene pali womanga ndi wopenta. Ndimaikira kumbuyo amisiri pa nkhani imeneyi, chifukwa nthawi zambiri amanyozedwa kumapeto chifukwa cha kuchedwa kumene kunayambira pa tebulo la mu ofesi milungu ingapo m'mbuyomo.

Tiyeni tione chimene chichitike zikalakwika. Bwana anali pa ulendo, a komiti sanagwirizane za mtundu, ndipo oda yapita pa tsiku la 12, pa 18 Ogasiti. Pamalo a ntchito palibe chimene chasintha, makoma akukwera bwinobwino. Koma mukasuntha mzera wa oda pa tchati, mivi imakankha zonse za kutsogolo. Matailosi afika pa tsiku la 41, ayamba kuikidwa pa la 42 m'malo mwa la 37, atha pa la 48. Penti atha pa la 54, masoketi pa la 59, kuyesa pa la 63, ndipo kulowa kukutha pa tsiku la 65. Tsiku la 65 ndi Lolemba pa 2 Novembala. Masiku 4 apadera aja adyedwa onse, ndipo tadumphira m'mwezi wina umene mwini nyumba ya lendi angafune kuti ulipiridwe wathunthu. Chofunika kuona n'chakuti zonsezi mwazidziwa pa 18 Ogasiti, kudakali masabata oposa khumi, osati m'sabata yomaliza.

Pokhala mwadziwa msanga, mukhoza kufunsa mivi ija umodziumodzi kuti: kodi kudikiraku n'kokakamiza kapena tinangokukonda? Penti kudikira khoma louma n'kokakamiza, simenti simva pempho. Koma penti yense kudikira matailosi tinangosankha kuti ntchito ikhale yaukhondo. Ndiye tikhoza kugawa ntchito ya wopenta pawiri. Penti woyamba, wa masiku 4, ayambe pa tsiku la 41 khoma litangouma, mpaka la 44. Woika matailosi ayambe pa la 42 m'chipinda chimene wopenta watulukamo dzulo lake, n'kumamutsatira chipinda ndi chipinda mpaka la 48. Penti womaliza, wa masiku 2, abwere pa la 49 ndi la 50, matailosi atafunditsidwa mapepala. Masoketi atha pa la 55, kuyesa pa la 59, kulowa pa la 61. Pa masiku 5 amene tinataya, tabweza 4.

Kubweza kumeneku kuli ndi mtengo wake, ndipo ndi bwino kuunena poyera. Magulu awiri akhala akupanikizana m'nyumba imodzi, fumbi lodula matailosi litera pa penti woyamba, ndipo wopenta abwera maulendo awiri, mwina n'kupempha kuwonjezeredwa ndalama. Onaninso kuti mpata wa masiku 3 umene kuuma kwa khoma kunali nawo watha, popeza tsopano wopenta akuyamba tsiku lotsatira khomalo litangouma. Mzera wofiira umasamuka ndondomeko ikasintha, n'chifukwa chake muyenera kuutsatiranso nthawi iliyonse mukasuntha kanthu.

Za kuuma kwa khomaku ndinenepo pang'ono, chifukwa tchati sichiumitsa khoma. Masabata awiri aja tawaika poganizira kuti ndi mu Seputembala, kukutentha, mpweya uli wouma, mawindo ali otsekula. Ntchito yomweyi mu Januwale, mvula ili pakati, ikhoza kufuna nthawi yotalikirapo, ndipo khoma lonenepa kapena chipinda chosapita mphepo chimachedwanso. Tsiku la 40 likafika pitani mukaone ndi maso. Pulasitala wouma amakhala wotuwa mofanana paliponse, ndipo pamene pali madontho akuda ndiye kuti madzi akadalimo. Mukhozanso kumata kapulasitiki pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi, n'kukasiya usiku wonse. Mukapeza thukuta kuseri kwake m'mawa, dikirani. Penti wopaka pa khoma lonyowa amatupa matuza, amasupuka, ndipo nthawi zina pamatuluka zoyera ngati mchere.

Tchatichi mukhoza kuchijambula pa pepala lalikulu ndi rula, ndipo pa ntchito ya mizera yosakwana 20 ngati iyi, pepala lokhomedwa pakhoma pamene amisiri onse akuliona limathandiza kuposa fayilo yobisika mu kompyuta ya bwana. Vuto la pepala ndi lakuti kanthu kakasuntha muyenera kuwerenganso pamanja. Amene ali ndi Microsoft Excel akhoza kuisiyira kuwerengako. Ikani dzina la ntchito mu danga A, tsiku loyamba mu B, kuchuluka kwa masiku mu C, tsiku lomaliza mu D, ndipo tsiku la tchuthi mulilembe mu H2. Mzere woyamba pansipa ukupeza tsiku lomaliza la ntchito, wachiwiri ukupeza tsiku loyamba la ntchito yodikira imodzi, wachitatu ndi wa ntchito yodikira ziwiri, monga penti uja.

```
=WORKDAY(B2,C2-1,$H$2)
=WORKDAY(D2,1,$H$2)
=WORKDAY(MAX(D7,D9),1,$H$2)
```

`WORKDAY` imadumpha Loweruka, Lamlungu ndi tchuthi chimene mwaiuza. Ngati amisiri anu amagwira Loweruka, pali inzake yotchedwa `WORKDAY.INTL` imene imalola kusankha masiku opuma. Chachikulu n'chakuti tsiku loyamba la ntchito yodikira inzake musamalilembe pamanja. Mukalilemba pamanja mwadula muvi, ndipo ntchito ya m'mbuyo ikachedwa ya kutsogoloyo ingokhala pomwepo n'kumakunamizani. M'mapulogalamu opangidwira ntchito imeneyi, monga Microsoft Project, kapena ProjectLibre imene ndi yaulere, muvi umalembedwa mu danga lotchedwa `Predecessors`. Zilembo `FS` zimatanthauza kuti iyi iyamba inayo ikatha, pamene `SS` zimatanthauza kuti iyi iyamba inayo ikayamba, monga woika matailosi uja wotsatira wopenta patapita tsiku limodzi.

Tchati chili ndi malire ake. Chikhoza kukuonetsani mizera iwiri yoyenda limodzi bwinobwino, osakuuzani kuti mizera yonse iwiriyo ndi ya munthu mmodzi. Ngati kalipentala wa siling'i ndi yemweyo amene wapatsidwa ntchito ina sabata yomweyo, pa pepala zikuoneka zotheka koma munthuyo ali ndi manja awiri okha. Lembani dzina la mmisiri pambali pa mzera uliwonse, n'kuona ngati dzina limodzi likupezeka kawiri pa tsiku limodzi. Sichidziwanso za kuzima kwa magetsi pa tsiku lodula matailosi, kapena za galimoto ya mchenga imene yasowa mafuta. Zimenezi ndiye ntchito ya masiku 4 apadera aja, ndipo ndimalangiza kuti akhale pamodzi kumapeto, poonekera, m'manja mwa munthu mmodzi. Mukawamwaza, tsiku limodzi kwa mmisiri aliyense, amatha osadziwika kumene apita.

Chotsala ndi kuchisamalira. Lachisanu lililonse masana, imani ndi kapitawo patsogolo pa tchaticho, mujambule mzera wotsika pa tsiku la lero, ndipo muone ntchito zimene zinayenera kukhala zitatha kumanzere kwake. Musafunse kuti ntchito ili pati, chifukwa yankho lake timalidziwa tonse: yatsala pang'ono. Funsani kuti, "A kapitawo, kwatsala masiku angati kuti wamagetsi atuluke, womanga ayambe pulasitala?" Funso limeneli limafuna nambala, ndipo nambalayo ndi imene mumaika pa tchati n'kuona ngati tsiku lomaliza lasuntha. Tchati choyamba chija musachifufute. Chisungeni pambali kuti muzitha kuona kumene munachokera, komanso kuti pakabuka mkangano wa amene anachedwetsa ntchito, pakhale poyang'ana m'malo molozana zala.

Ngati kwanu kuli ntchito yokonza ofesi imene ikubwera, musadikire kuti hamala yoyamba igunde khoma. Sabata ino, lembani zinthu zonse zoitanitsa kutali, mufunse wogulitsa aliyense masiku amene katundu wake amatenga, muwerenge chobwerera m'mbuyo, ndipo mukauze abwana tsiku lenileni limene ayenera kukhala atasankha ndi kusaina.